Mawu a ba Mbuya m'pulogalamu yanga

Pa wailesi yathu ya m'dera kuno ku Chipata tili ndi situdiyo imodzi chabe, ndipo imakhala ikuulutsa mawu kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Ntchito ina yonse ichitikira m'chipinda chimodzi chomwe timachitcha ofesi. Muli matebulo anayi, makompyuta awiri, kabati ya mafaelo yosatsekeka, ketulo, ndi anthu asanu ndi awiri ngati tonse tabwera. Olemba nyuzi ali momwemo, olandira uthenga wa maliro ndi wa ng'ombe zosowa ali momwemo, ine wokonza mapulogalamu a alimi ndili momwemo. Ndipo pafupi ndi windo, mamita atatu kuchoka pa tebulo langa, pakhala ba Mbuya.

Si dzina lawo. Ndi a kumpoto, kwa Abemba, ndipo ine ndine wa kum'mawa, ndiye monga mudziwa pakati pathu pali chimbuya. Iwo anditcha wodya mbewa, ine ndiwatcha odya anyani, ndipo palibe amene akwiya. Akhala mu Chipata zaka zambiri, akazi awo ndi a konkuno, koma Chinyanja chawo chikali cha mu Lusaka chothira mchere wa Chibemba. Ntchito yawo ndi kufuna malonda. Sitolo ya mankhwala a mbewu ikalengeza pa wailesi yathu, kapena sukulu ya pulayiveti ikagula mphindi imodzi nyuzi zisanayambe, dziwani kuti ndi ba Mbuya anayenda ndi kutuma mafoni mpaka munthu anavomera. Ndalama zimenezo ndizo zigula mayunitsi a malaiti ndi mafuta a jenareta. Ndizonso zitulutsa kandalama ka thiransipoti komwe ife odzipereka timalandira mwezi ukakhala wabwino. Ine ndilibe malipiro. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, zaka zitatu pa wailesi pano, ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina adzandilemba ntchito.

Ndanena zimenezi poyamba kuti mumvetse chifukwa chake chinthu chaching'ono chonchi chinanditengera pafupifupi chaka.

Ba Mbuya akagwira foni, chipinda chonse chilowa m'foniyo. Amayamba ali chikhalire, "Halo! Ba bosi! Munimvela?" Kenaka aimirira. Kenaka ayamba kuyenda pakati pa matebulo, dzanja lina likuwerenga masiku m'mwamba. Munthu wa mbali ina akaseka, iwo aseka kawiri. Mukakamba nawo maso ndi maso ndi munthu wa mawu abwinobwino, wofatsa ndithu. Koma foni ikafika pa khutu, ndiye kuti wina wapotokola voliyumu mpaka kumapeto. Pa tsiku atuma kapena kulandira mafoni osachepera makumi awiri, ndinawerengapo tsiku lina chifukwa cha mkwiyo.

Ndinayesa njira zonse za munthu wamantha. Ndinayamba ndi kuvala mahedifoni, koma mahedifoni a pa ofesi ndi aja otchipa, atchinga makutu ngati chitenje chitchinga mvula. Ndinayesa kupuma mokweza ndi kukankha mpando kuti amve kuti pali munthu amene wasokonezeka. Sanamve, nanga akanamva bwanji. Ndinalemba uthenga pa gulu lathu la WhatsApp wakuti, "Anzanga, tiyeni tichepetseko chongo mu ofesi, ena tikujambula." Woyamba kuyankha ndi chala chachikulu choloza kumwamba anali ba Mbuya. Anawonjezanso kuti, "Zoona, maka-maka aba banyamata ba nyuzi."

Koma njira yomwe ndinaidalira kwambiri inali chimbuya. Akatsiriza foni ndinkanena kuti, "Ba Mbuya, mukanangotsegula windo, ku Kasama akanakumvani opanda kuwononga tokotaimu." Ofesi yonse iseka, iwo aseka kuposa onse, nkundibwezera kuti anthu odya mbewa ali ndi timakutu tating'ono tomva ndi udzu womwe. Ine ndinkabwerera kunyumba ndikuti ndawauza. Miyezi ikupita, ndinayamba kuwasungira kamtima kuti ndi munthu wosamva, wouzidwa tsiku ndi tsiku koma osasintha. Sindinaone kuti chimbuya chili ndi lamulo lake: chilichonse chonenedwa m'chimbuya sichiwerengedwa. Ukhoza kuuza mbuya wako kuti ndi mfiti pa maliro a amalume ake, ndipo adzaseka. Ndiye ine ndinatenga dandaulo langa lenileni nkuliika m'thumba lomwe anthu onse adziwa kuti muli zoseweretsa.

Chomwe chinandikankha chinachitika mu 2024, chaka cha chilala, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankabwera maola owerengeka. Jenareta inali ya situdiyo ndi makina otumiza mawu basi. Makompyuta a mu ofesi ankadikira malaiti. Akabwera, aliyense athamangira soketi, aliyense afuna kumaliza zake asanapitenso.

Mlungu umenewo ndinali ndi pulogalamu ya mphindi 15 yokamba za kasungidwe ka nshawa, kuziumitsa bwino kuti zisachite chuku. Ndinapita pa njinga yamoto ku mudzi wina wa mumsewu wa ku Lundazi, nkujambula amayi a kalabu ya alimi. Anandipatsa tsiku lawo lonse. Amayi apampando anandionetsa m'mene amasankhira nshawa zofota ndi zakuda nkuzitaya, nkundiuza kuti Lachinayi madzulo adzasonkhana pakhomo pawo kumvera. Ena mwa iwo anali asanamvepo mawu awo pa wailesi.

Mawu a amayiwo ndinawadula bwino Lachitatu. Chotsala chinali mawu anga olumikiza, aja akuti "tamva amayi akuti, tsopano tiyeni timve za kaumitsidwe". Onse pamodzi sapitirira mphindi zinayi. Popeza situdiyo ilibe mpata, timajambulira pa tebulo pomwepo. Ndimafunda bulangete kumutu pamodzi ndi maikolofoni kuti mawu asamveke ngati ndili m'chimbudzi, chifukwa chipinda cha simenti ndi malata chimabweza mawu. Lachinayi malaiti anabwera cha m'ma 14:00. Ndinalowa m'bulangete, ndinawerenga pepala langa, ndinamva ba Mbuya ali pa foni koma ndinati bulangete lithandiza, nthawi palibe.

Nditatsegula zojambulazo mu Audacity ndinaona vuto ndisanalimve. Munthu ukapuma pakati pa ziganizo, mzere wa mawu uyenera kugona pansi phee. Wanga unali ndi timapiri m'mipata yonse. Nditavala mahedifoni, kumbuyo kwa mawu anga okamba za chuku kunali ba Mbuya, patali koma omveka liwu ndi liwu: dzina la sitolo ina ya m'tauni muno, kenaka "K1,800, ba bosi, myezi itatu manje, ise tilipila bwanji malaiti?"

Amene sanagwirepo ntchito ya mawu amaganiza kuti kompyuta ichotsa chilichonse. Mu Audacity muli `Noise Reduction`, inde. Koma kagwiridwe kake nkakuti umaipatsa kachidutswa ka chongo chosasintha, monga kulira kwa fani kapena kwa jenareta, iyo nkuphunzira maonekedwe ake nkuchichotsa paliponse. Mawu a munthu sakhala malo amodzi, akwera, atsika, aima, ndipo akhala m'dera lomwelo lomwe muli mawu ako. Ukaumiriza kuwachotsa, mawu ako omwe ayamba kumveka ngati ukukambira pansi pa madzi, ndipo a mnzakoyo akali pomwepo. M'mipata ndikanatha kudula. Koma pomwe mawu awo anakwerana ndi anga panalibe chochita koma kujambulanso.

Ndinadikira kuti amalize. Atamaliza foni ija inalowa ina. Nditalowanso m'bulangete kachiwiri, ndili pakati pa ndime yachitatu, malaiti anapita. Kompyuta ya pa tebulo ilibe batire. Madzulo amenewo wailesi inabwereza pulogalamu yakale ya katemera wa nkhuku.

Amayi apampando ananditumira foni m'mawa mwake. Sanakalipe. Anangoti, "Aphunzitsi, tinadikira mpaka nyuzi zinayamba. Kapena mawu athu sanatuluke bwino?" Ndikanakonda akanandinyoza.

Lachisanu lonse ndinali kuyenda ndi nkhope yomanga. Ndinadandaula kwa anyamata a nyuzi, onse anavomereza kuti zafika poipa. Ndinadandaula kwa amayi a pa risepushoni, omwe akhala pa wailesiyi kuyambira tsiku lomwe inatsegulidwa. Anandimvera mpaka ndinatha, nkufunsa kuti, "Mwawauza?"

Ndinati aliyense adziwa.

"Aliyense adziwa, inde. Iwo adziwa?"

Ndinati ndimawauza tsiku lililonse.

"Mumawaseka tsiku lililonse," anatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwananga. Inu mwakhala mukubuula pa mphasa kudikira kuti chitseko chimve chisoni."

Ndinali nditaganiza zopita kwa amanejala. Amayiwo anandiletsa, ndipo ndikaganiza lero ndiona kuti anandipulumutsa. Munthu wa zaka makumi asanu kuitanidwa mu ofesi ya abwana nkuuzidwa kuti mnyamata wodzipereka wakunenezani, pa nkhani yomwe mnyamatayo sanakuuzenipo ndi kamodzi komwe, chimenecho sichiiwalika. Amanejala nawonso ndikanawaika pamalo ovuta, kusankha pakati pa munthu wobweretsa ndalama ndi munthu wa pulogalamu ya nshawa. Ndidziwa yemwe akanasankha, ndipo sindikanawaimba mlandu.

Loweruka ndi Sondo ndinakhala ndi funso lomwe ndinali ndisanadzifunsepo: kodi ndifuna chiyani kwenikweni? Mumtima ndinkafuna kuti ba Mbuya asanduke munthu wina. Koma zimenezo sizipemphedwa. Kunena kuti "muchita chongo" ndi kumuuza munthu chomwe ali, ndipo yankho lake likhala kudziteteza basi. Ndinatenga pepala nkuwerenga nthawi yomwe maikolofoni imakhala yotsegula pa tebulo langa pa mlungu. Mapulogalamu awiri, ndi timalonda tingapo tomwe ndimawerengera iwo omwewo. Zonse pamodzi, ndi zobwereza zomwe, sizinafike mphindi 40. Pa mlungu wonse. Nthawi ina yonse chongo chawo chimanditopetsa, koma sichiwononga ntchito. Ndinadabwa kuona kuti chinthu chomwe chinandidya chaka chonse chikhoza kukwana m'mphindi 40.

Ndinakumbukanso zomwe tinaphunzira ku koleji pa za mawu, zomwe ndinazilemba m'mayeso nkuziiwala. Dokotala wina wa makutu wa ku France, Étienne Lombard, analemba mu 1911 kuti munthu akakhala pa chongo amakweza mawu osadziwa kuti wakweza. Thupi lichita lokha, pofuna kuti munthu adzimve. Yesani kukamba ndi mnzanu pafupi ndi chigayo muone. Pa foni zimawonjezeka, chifukwa khutu limodzi latsekedwa, munthu winayo sukumuona, ndipo netiweki ikayamba kudula mawu, mtima umakuuza kuti ali patali, kuwa. Chonsecho kukuwa sikukonza netiweki. Maikolofoni ya foni ili pafupi ndi kamwa, imva ndi kunong'ona komwe, ndipo ukaikuwira mawu amangophwanyika. Windo la ba Mbuya layang'ana kumsewu komwe kupita njinga zamoto tsiku lonse, ndipo tsidya lake kuli anyamata owotcherera mageti. Ndiye kuti mwina munthuyu samadzimva n'komwe m'mene ife timamumvera.

Palinso china chomwe ndinachiona pa ine mwini. Anyamata a nyuzi akamakangana za mpira, onse awiri ndikuwamva, ndimatha kulemba. Koma foni ya munthu mmodzi imandikoka ngakhale itakhala yapansi, chifukwa ndikumva theka la nkhani. Iwo akuti "Iyayi! Anakamba choncho?", kenaka chete, ndipo mutu wanga wasiya nshawa, ukufuna kudziwa kuti ndani anakamba chiyani. Choncho gawo lina la mkwiyo wanga silinali la kukweza kwawo, linali la makutu anga okonda nkhani za eni.

Lolemba ndinadikira nthawi. Sindinafune kukamba atangotsitsa foni, pomwe ine mtima uli m'mwamba ndipo iwo mutu ukali kwa kasitomala. Sindinafunenso mu ofesi, pamaso pa anyamata omwe ndinkanena nawo miseche Lachisanu. Masana ba Mbuya amapita kukagula chinangwa chowotcha ndi nshawa kwa amayi ena pakona. Nditawaona akunyamuka, ndinati ndikuperekezeni.

Panjira anayamba okha chimbuya, kufunsa ngati mbewa zakwera mtengo ndi chilalachi. Sindinabweze. Ndinati, "Ba Mbuya, lero ndifuna kukamba nanu ngati akulu anga, chimbuya tichiike pambali pang'ono. Pali chinthu chindivuta pa ntchito, ndipo ndi inu mungandithandize."

Anaima. Nkhope inasintha, ndipo ndinaona kuti akuganiza kuti ndifuna kukongola ndalama.

Ndinafotokoza za Lachinayi monga zinachitikira, osawonjezera. Ndinati ndinajambula cha m'ma 14:00, mawu awo a pa foni analowa m'maikolofoni, sindinathe kuwachotsa, malaiti anapita, pulogalamu sinaulutsidwe, amayi a kumudzi anadikira pachabe. Mawu akuti "nthawi zonse" ndinawaluma lilime, ngakhale anali pakamwa penipeni. Ndikanati "nthawi zonse mumakuwa", tikanayamba kuwerengana masiku omwe sanakuwe. Kenaka ndinapempha: pamene ndikujambula, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu pa nthawi, mafoni awo akakambire pakhonde, kapena adikire.

Sanalandire bwino. Aliyense amene angakuuzeni kuti mukakamba mwaulemu munthu amangoti zikomo, sanayesepo.

"Manje mwaiche, ufuna nileke nchito? Iyo foni ndiye idyesa station yonse. Iwe wamene transport yako ichoka kuti?"

Mawu amenewo ndinawayembekezera, koma anandilasa ndithu, chifukwa ndi oona. Walira mvula walira matope. Ndinati ndidziwa, ndipo nchifukwa chake sindinapite kwa amanejala kapena kulembanso pa gulu, ndabwera kwa iwo. Ndinati sindikupempha kuti achepetse mafoni, ngakhale imodzi. Ndikupempha mphindi 40 pa mlungu.

Tinafika pa amayi a chinangwa tili chete. Anagula, nkundigulira ine chimodzi osandifunsa. Pobwerera ndi pomwe anati, "Nanga iwe, uziba vamene umanichita?"

Sindinadziwe.

Anandiuza kuti ndikamadula mawu, nthawi zambiri ndimavula mahedifoni chifukwa amandiwotcha makutu, nkumamvera pa sipika. Ndipo kudula mawu ndiko kubwereza. Kachiganizo kamodzi ndimakaseweretsa kakhumi, kakhumi ndi kasanu, kufuna pomwe mpweya wathera kuti ndidule bwino. "Nshawa zikauma... nshawa zikauma... nshawa zikauma..." Anandiyeserera pamsewu pomwepo, ndi mawu a amayi apampando, mpaka wa njinga wina anacheuka. Anati tsiku lina kasitomala anawafunsa pa foni ngati ali ku msika wa Kapata. Anati amakweza mawu, mwa zina, kuti apose sipika yanga. Miyezi yonseyi iwonso anali ndi kamtima kawo, ndipo sananene chifukwa anati mwana wodzipereka, wosalandira kanthu, ungamuvutitsenso bwanji.

Ndinachita manyazi kwambiri. Chaka chonse ndinali wolakwiridwa m'nkhani yanga, ndipo sizinandibwerere m'mutu kuti pa tebulo la pawindo pali munthu amene akusimba nkhani yomweyo ine ndili wachongo. Ndinapepesa. Ndinati kuyambira lero sipika ndiizula.

Zojambula zija ndinali nazo m'foni. Ndinalimbana nazo mumtima ngati ndiwamvetse kapena ayi, chifukwa kutulutsa umboni pa munthu wamkulu kumaoneka ngati wamutchera msampha. Ndikanayamba nazo, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma titafika pa geti, mitima itatsika, ndinati pali chinthu chimodzi ndiganiza ayenera kuchimva okha, ngati afuna. Ndinawapatsa kahedifoni kamodzi.

Anamva mawu anga okamba za chuku. Kenaka anadzimva. Anamva dzina la sitolo, anamva K1,800, anamva miyezi itatu. Anavula kahedifoni nkundiyang'ana.

"Ivi vinapita pa air?"

Ndinati ayi.

"Vikanapita?"

Ndinati ndikanakhala wothamanga pang'ono kuposa m'mene ndinaliri, kapena ndikanamvera pa sipika m'chongo cha mu ofesi, mwina sindikanazimva. Mwini sitoloyo amamvera wailesi yathu m'sitolo mwake tsiku lonse, ndi makasitomala ali pomwepo.

Sananene kuti pepa, ndipo sindinafune. Anangoti, "Nimveka so?" Ndinati inde. Anapukusa mutu nkunena mawu ena a Chibemba omwe sindinawamve. Ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba m'moyo wawo kudzimva ali pa foni kuchokera kunja, monga momwe aliyense amadabwira tsiku loyamba kumva mawu ake pa wailesi. Anandiuza kuti ndifufute, ndipo ndinafufuta iwo akuona.

Njira yodziwitsana anaipeza ndi iwo. Anati sangamayang'ane ngati ndili m'bulangete pomwe mutu uli pa ndalama, pafunika chinthu chooneka. Pakhomo la situdiyo pali getsi lofiira loyaka maikolofoni ikatsegulidwa, ndipo aliyense pa wailesi, ngakhale mlendo, amaliopa. Ife tinatenga chivundikiro chofiira cha ndowa yosweka, nkuchiboola, nkukhoma msomali pa khoma pakati pa matebulo athu. Chikapachikidwa, ndiye kuti ndikujambula. Tinagwirizana kuti ndiziwauza mphindi zisanu ndisanapachike kuti amalize foni yomwe ali nayo, ndipo ndisachisiye pamenepo kupitirira mphindi 15. Tebulo langa tinalikankhira ku ngodya ya kutali ndi windo, kuseri kwa kabati ya mafaelo. Sizichotsa mawu, koma kutalikirako ndi kabatiyo zimathandiza kuposa bulangete lokha.

Mlungu woyamba zinayenda. Wachiwiri ndinalakwa ndine. Ndinapachika chivundikiro kuti ndijambule, nditamaliza ndinaona kuti chete uja akoma, nkuchisiya pamenepo ola lathunthu ndikulemba. Ba Mbuya anakhala pakhonde padzuwa ndi foni, akuyesa kupeza netiweki pakati pa njinga zamoto. Atalowa nkundipeza ndilibe maikolofoni, sanakambe kanthu. Anachotsa chivundikiro okha nkuchiika pa tebulo langa, pamwamba pa pepala lomwe ndinali kulemba. Sindinabwerezenso.

Iwonso amaiwala. Foni ikalira chivundikiro chili pa khoma, nthawi zina dzanja liyamba lokha, "Halo! Ba bo..." kenaka aona chofiira, nkutuluka chothamanga, mawu akumka nazimirira pakhonde ngati basi yopita ku Mwami. Pamenepo ndimangoyambanso chiganizo. Sindiwakumbutsa za pangano, chifukwa munthu amene watuluka wakumbuka kale.

Kunja kwa mphindi zimenezo, ba Mbuya akali ba Mbuya. Anatsitsako pang'ono mwezi woyamba, kenaka mawu anabwerera kwawo. Mng'ono wawo akatuma foni kuchokera kumudzi, ofesi yonse timadziwa mtengo wa malata ndi amene wadwala. Zimenezo sindinapemphe kuti zisinthe, ndiye sindiwerengera. Anyamata a nyuzi anandifunsa chifukwa chake sindinawauze kuti atsitse mawu tsiku lonse, popeza ndinali nditayamba kale. Ndinawauza kuti chinangwa chigulitsidwa pakona masana aliwonse, akhoza kuwaperekeza okha. Mpaka lero palibe amene wapita.

Pulogalamu ya nshawa inaulutsidwa Lachinayi lotsatira. Ndinatumira amayi apampando foni kawiri kuwatsimikizira, ndipo anasonkhananso, ngakhale anandiuza pambuyo pake kuti ena sanabwere, anati mwina adzamvanso za nkhuku. Mawu olumikiza ndinawajambula Lachitatu, chivundikiro chili pa msomali, ba Mbuya ali pakhonde kukumbutsa mwini sitolo uja za ngongole yake. Nditamaliza ndinatsegula mu Audacity nkuyang'ana mipata. Mzere unali utagona. Pa mpata umodzi wokha, chakumapeto, panali kaphiri kakang'ono, ndipo nditakweza voliyumu ndinamva kuseka kwawo kukulowera pa windo. Pamenepo panalibe mawu anga, ndiye ndinangodula.